Notsi za M'jumbo

Chaka chimene ndinabwereza Bayoloje ndinali kale mayi wa ana awiri, ndipo mnzanga wa pa desiki anali alamu anga, mlongo wawo wa bambo a kunyumba. Tonse awiri satifiketi ya Fomu 4 inatikanira pa phunziro limodzi lomweli. Ine inandikanira kwathu ku Dedza, ndisanabwere ku Nkhata Bay kudzagwira ntchito ya umesenjala pa boma. Iwo inawakanira konkuno, chaka chimene anatenga mimba ya mwana wawo. Tinalembetsa sukulu ya masana, ija imayamba ana a yunifolomu akaweruka, momwe mumakhala azibambo a ndevu ndi azimayi onunkhira sopo wochapira matewera. Ine ndinkafuna kuchoka pa ntchito yotumidwa. Alamu ankafuna uphunzitsi, ndipo ankaufunadi, chifukwa pa benchi yawo ya usipa mumsika ankakonza Chingelezi cha makasitomala osawapempha.

Aphunzitsi athu a Bayoloje anali munthu wabwino, koma wa dzanja lothamanga. Ankalemba pa bolodi atatipatsa msana, kulankhula ndi bolodilo, ndipo akafunsa kuti "Ndifufute?" anali atafufuta kale theka. Ife akuluakulu, manja athu anali ataiwala cholembera. Ndiye tinkachita zimene aliyense amachita masiku ano: kukopera zimene tingathe, zotsala n'kuzijambula pa foni. Teremu yoyamba ine ndinkajomba kawirikawiri, chifukwa abwana akakhala ndi msonkhano mesenjala sachoka. Alamu ndiwo ankandijambulira n'kumanditumizira. Ndinkayankha kuti zikomo, osatsegula n'komwe, ndikumadziuza kuti ndidzawerenga Loweruka. Loweruka limenelo silinafike.

Kenako zinthu zinatembenuka. Apongozi, amene anali ndi matenda a shuga, anatuluka bala kuphazi losafuna kupola, ndipo anawagoneka m'chipatala. Wodikirira odwala ku wodi ya amayi amayenera kukhala wamkazi, ndipo mwana wamkazi anali mmodzi yekha. Alamu anasiyira mnzawo benchi ya usipa, natenga mkeka, ndowa ndi mapoto. Ine ndinkapita madzulo ndikaweruka, ndi Loweruka kukawapumitsa. Kusukulu desiki inatsala ndi ine ndekha, ndipo tsopano wojambula ndinali ine.

Tsiku lina, mphepo ya mwera itayamba kale kuwomba, ndinawapeza akutsuka mbale pampopi wa magadiyani. Ndinawakumbutsa kuti mayeso ayandikira.

"Ndilembengi cha," anatero, osadzutsa mutu.

Chitonga changa ndi cha mumsika, koma mawu amenewo ndinawamva bwino. Ankati salemba.

"Alamu, mwalembetsa kale. Dzina lanu lilipo."

"Lilipo, inde. Koma ndiyambire pati? Foni ndikatsegula, mabolodi okhaokha, sindidziwa loyamba ndi liti. Kope langa lina lili kunyumba, lina mwana anang'amba. Ndikapite kukachita manyazi kachiwiri? Ayi alamu, zanga zinatha."

Ndinapsa mtima, ndipo ine ndikapsa mtima ndimalonjeza zinthu. Ndinawauza kuti andipatse masabata ochepa, ndiwabweretsera buku limodzi, loyambira pa mutu woyamba mpaka womaliza, loti azingotsegula n'kuwerenga atakhala pambali pa bedi. Anangoseka pang'ono n'kupitiriza kutsuka. Pobwerera pa njinga yamoto ndinkadzifunsa kuti pakamwa pangapa pandipalamulira chiyani.

Loweruka lotsatira ndinasonkhanitsa zonse m'jumbo lakuda. Munali makope anga awiri, limodzi losakaniza Bayoloje ndi nyimbo za kwaya. Munali kope la alamu lopanda chikuto. Munali mapepala a ku ofesi amene ndinkalemba kuseri kwake ndikaiwala kope, timapepala tong'amba pakati pa makope a anzanga, ndi chikuto cha paketi ya choko chimene ndinajambulapo impso. Nditakhuthulira pa mkeka, mtima unagwa. Bambo a kunyumba anadutsa akupita ku minibasi yawo, nayang'ana, n'kufunsa ngati ndayamba bizinesi ya mapepala okulungira zitumbuwa.

Poyamba ndinaganiza zosanja potsata masiku. Ku ofesi makalata timasanja choncho, ndiye ndinkadziona katswiri. Dzuwa lisanafike pamutu ndinali nditagonja. Mapepala ambiri analibe deti. Pamene deti inalipo sinkathandiza, chifukwa aphunzitsi sankatsata ndondomeko: lero chakudya m'mimba, mawa masamba a mbewu, mkucha abwereranso m'mimba chifukwa wina wafunsa. Zithunzi ndiye zinandipusitsa kwambiri. Zimene ndinajambula ndekha zinali ndi tsiku lake lenileni, koma zimene ananditumizira alamu, ndi zimene ndinatenga pa gulu la kalasi yathu la pa foni, zinkaonetsa tsiku limene zinafika kwa ine. Munthu akatumiza zambiri nthawi imodzi, zonse zimakhala za tsiku limodzi, ndipo zina zimadumphana.

Ndinadzuka, ndinasesa pabwalo posesedwa kale, ndinabwerera. Ndinadzukanso kukatunga madzi amene sindinkawafuna. Ndine munthu wosakhazikika chibadwire; amayi anga ankati ndinabadwa ndi nyerere m'chitenje. Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine nkhono ndikanaiponda kalekale.

Chimene chinandipulumutsa ndi buku la Bayoloje limene ndinabwereka kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu, lotsala la mwana wawo. Linali lothothoka masamba ena pakati, koma tsamba la kutsogolo, losonyeza mitu yonse, linalipo. Ndinalifanizira ndi mitu ya silabasi imene aphunzitsi anatilembera tsiku loyamba, ndipo ndinaona kuti njira ndi imeneyi: kuiwala za masiku, n'kufunsa pepala lililonse funso limodzi lokha, loti iwe ndiwe wa mutu uti. Ndinalemba dzina la mutu uliwonse pa kapepala, n'kuyala timapepalato pakhonde, kalikonse ndi mwala wake pamwamba chifukwa cha mwera. Pepala ndikalitola, kuliwerenga, kuliika pansi pa mwala wake. Lokhala ndi mitu iwiri ndinkalidula ndi sizasi, koma kuseri kukakhalanso zolemba ndinkayamba ndakopera. Amene sindinkawamvetsa ndinawapatsa mwala wawowawo, ndipo mulu umenewo ndi umene unkakula msanga.

Mu foni ndinachita chimodzimodzi. Ndinatsegula timafoda, kalikonse ndi dzina la mutu wake, n'kumakankhiramo zithunzi. Apa m'pamene ndinadziwa kuti akuluakulu a kalasi yathu sitidziwa kujambula. Chithunzi china theka lonse ndi kuwala kwa pawindo. China pakati penipeni pa chiganizo pali mutu wa bambo wina wadazi amene ankakhala kutsogolo, ndipo dazi limenelo ndinalipeza m'mitu yonse, kuyambira ku maselo mpaka ku ubongo. Bolodi limodzi ndinali nalo kanayi kapena kasanu kuchokera kwa anthu osiyana. Ndinkasunga looneka bwino, ndi lina lojambulidwa cham'mbali loti lindionetse zimene dazi labisa. Zithunzi zina m'mwamba mwake munali zolemba za ana a m'mawa zimene sizinafufutidwe, ndipo ndinataya madzulo athunthu ndikufunafuna mutu wa Bayoloje wokamba za mitsinje ya ku Africa.

Ndinagula kope lalikulu la chikuto cholimba. Masamba oyamba ndinawasiya opanda kanthu kuti ndidzalembemo mitu ndi manambala a masamba ndikamaliza. Mutu uliwonse ndinkauyamba pa tsamba latsopano: dzina lake, mawu ovuta ndi matanthauzo ake, notsi zenizeni, zojambula, ndipo kumapeto mafunso a mayeso akale amene aphunzitsi ankatipatsa. Pamene notsi zadukiza ndinkasiya mpata n'kulemba ndi pensulo chimene chikusowa. Kunena zoona, mitu yoyamba inatuluka yokongola. Ndinkalemba ndi cholembera cha buluu, kudula mizere ndi chofiira, pa rula. Ku ofesi ndinkabisa kopelo pansi pa mafayilo, ndipo belu la abwana likalira ndinkadzuka ndi mkwiyo wa munthu amene amusokoneza pa ntchito yake yeniyeni.

Tulo tinandithawa. Ndikamayenda ndi makalata kuchoka ofesi ina kupita ina, m'mutu munkangozungulira timapepala. Ndikaima pa mzere mumsika ndinkatulutsa foni, kukuza chithunzi ndi zala, kuyesa kuwerenga liwu limene choko chinathera pakati. Ana anga anaphunzira kuyenda m'mbali mwa khonde. Tsiku lina mwera unakula, mwala umodzi unagubuduka, ndipo mutu wonse wa kapumidwe unauluka kutsika phiri mpaka m'munda wa chinangwa wa aneba. Ndinautola ndikutukwana m'Chichewa cha ku Dedza, chimene anebawo ananamizira kusamva.

Nditamaliza mitu yoyamba ndinapita nalo kopelo kuchipatala, nditalikulunga m'chitenje. Alamu analitsegula, nathokoza m'Chitonga, n'kuyamikira zilembo zanga.

"Yewu ukongwa, alamu. Mumalemba bwino ngati makina."

Ndinawasiyira masiku angapo, ine ndikukonzera mitu yotsatira pa mapepala apadera. Nditabwera kudzalitenga ndinalipeza litavundikira mbale ya apongozi kuti ntchentche zisatere. Masamba ake anali oyera ngati mmene ndinawasiyira, opanda ngakhale chala cha mafuta. Ndinawafunsa ngati anawerenga.

"Ndinayamba. Koma ndikangofika pakati pa tsamba, maso amatseka okha. Zonse zili bwinobwino, zilibe pondigwira."

Zinandipweteka kwambiri. Ndinkafuna kuwauza kuti msana wanga wapindika chifukwa cha iwo, koma apongozi anali maso, ndipo pamaso pa apongozi munthu sukweza mawu. Ndinatenga kope langa n'kutuluka. Panjira ndinalumbira kuti ndasiya. Nditafika kunyumba ndinapeza miyala ija ili pamzere pakhonde, ndipo ndinakhala pansi n'kuyamba mutu wa kayendedwe ka magazi. Walira mvula walira matope.

Mutu umenewu unaphunzitsidwa teremu yoyamba, masiku amene ine ndinali wojomba. M'makope anga munalibe chilichonse. Ndinadalira zithunzi ziwiri za alamu, ndipo m'buku lobwereka lija masamba a mtima anali m'gulu la othothoka. Zithunzizo zinali zooneka bwino, zopanda dazi. Choyamba chinali ndi zolemba mbali ya kumanzere yokha. Chachiwiri bolodi linali lodzaza, kumanzere ndi kumanja, mzere wa choko pakati. Ndinakopera mmene munthu aliyense amawerengera, kuyambira kumanzere kupita kumanja. Ziganizo zinkalumikizana bwino, ndipo ine ndinali nditatopa moti dzanja linkalemba mutu uli kwina.

Loweruka ndinalitenganso kopelo, osati ndi chiyembekezo, koma chifukwa ndine wamakani. Tinakhala pakhonde la wodi, apongozi akugona. Alamu analitsegula mwaulemu chabe, kuti ndisakhumudwe. Anatembenuza masamba mpaka pa mutu watsopano. Ndinaona maso awo ayima. Anabwerera m'mwamba, chala chikutsata mzere, milomo ikuyenda.

"Alamu, munthu wanuyu wafa."

"Munthu uti?"

"Mwini magazi awa. Taonani. Magazi achoka m'thupi, alowa kumanja kwa mtima, m'chipinda cha m'mwamba, atsikira cha m'munsi. Chabwino. Ndiye inu mwawatulutsa pa aota kubwerera m'thupi lonse. Okosijeni awutenga kuti? Ku mapapo mwawapititsa pamapeto, atazungulira kale thupi lonse. Munthu ameneyu sangafike ngakhale pa geti paja."

Ndinati ine ndakopera zimene zili pa bolodi, ndipo ngati wina wapha munthu ndi aphunzitsi, kapena wojambula. Ndinatulutsa foni kuti ndiwatsutse. Anandilanda, nakuza chithunzi chachiwiri, n'kuyamba kuseka mpaka gadiyani wina anasuzumira pakhomo.

"Simukuwadziwa asala athu, aphunzitsi aja? Amayamba kumanzere. Kukadzaza, apita kumanja. Kumanja kukadzaza, samafufuta bolodi lonse, amafufuta kumanzere kokha n'kupitiriza kumeneko, kuti ochedwa amalize kukopera za kumanja. Chithunzi ichi ndinajambula pomaliza. Za kumanjazi ndi zapakati, za kumanzerezi ndi zomaliza. Inu mwaika mchira pakati."

Ndinayang'anitsitsa. Gawo loyamba linathera pa chipinda cha m'munsi cha kumanja kwa mtima. Gawo la kumanja kwa bolodi linkatenga magazi kuchokera pamenepo kupita nawo ku mapapo, n'kuwabweza kumanzere kwa mtima. Gawo lomaliza linkayamba ndi mawu akuti kuchokera apa magazi amapopedwa kudzera mu aota. "Kuchokera apa" ameneyo ndi amene anandinamiza, chifukwa amakwana paliponse pamene wamuika. Chizolowezi cha aphunzitsicho ndinkachidziwa, ndinkachiona ndi maso anga tsiku lililonse, koma pa chithunzi dzanja lofufuta silioneka.

Ndinachita manyazi, kenako mantha. Zithunzi za bolodi lodzaza mbali zonse zinali zambiri, ndipo zina ndinali nditazikopera kale. Ndinati ndipita nalo kopelo ndikakonze.

"Mukonza bwanji inu, masiku amenewo kunalibe? Mawa mubwere ndi jumbo lonse. Musaphe anthu ena."

Pobwerera ndinali ndi ukali wa munthu amene waphikira mlendo, mlendoyo n'kulowa m'khitchini kukamuphunzitsa kuthira mchere. Koma njinga ikutsika kulowa m'tauni ndinakumbukira nkhope yawo. Kuyambira tsiku limene apongozi anagonekedwa, ndinali ndisanawaone akuseka choncho, kapena kutsutsa munthu ndi chala m'mwamba ngati mmene ankachitira pa benchi ya usipa.

M'mawa mwake, titatuluka m'tchalitchi, ndinanyamula zonse. Milu ija ndinaimanga ndi malabala a ku ofesi, uliwonse ndi kapepala kake. Tinayala mkeka kuseri kwa khitchini ya magadiyani, kumene mphepo siifika kwambiri, ndipo miyala tinatola yatsopano. Alamu anayamba ndi mulu wa mapepala osadziwika, umene ine ndinkauopa. Ambiri anali a dzanja lawo lomwe, Chingelezi chosakaniza ndi Chitonga, mawu odulidwa mwa njira yawoyawo. Ankalitola pepala, kuliyang'ana pang'ono, n'kunena kuti ili ndi la tsiku lija kunagwa mvula asala anabwera ndi mtima wa mbuzi m'jumbo. Mulu uja unatha dzuwa lisanapendeke.

Pa zithunzi tinagwirizana lamulo. Bolodi likakhala lodzaza mbali zonse, osakopera msanga; tiyambe tapeza mbali yakale ndi yatsopano. Njira ina inali kuwerenga mzere womaliza wa mbali iyi ndi woyamba wa mbali inayo, n'kudzifunsa ngati nkhaniyo ikumveka, osati ngati chiganizo chikulumikizana. Njira ina ndinaitulukira ine, ndipo ndimanyadira mpaka lero: mbali imene yangofufutidwa kumene imatuwa ndi fumbi la choko, ndiye ukakuza chithunzi, yotuwa kwambiri nthawi zambiri ndiyo yatsopano. Zikativuta tinkafunsa buku lobwereka lija. Tinapeza kuti mu mutu wa chakudya ndinali nditasokonezanso, chakudya chikulowa m'matumbo aakulu chisanadutse m'aang'ono. Alamu anati munthu ameneyonso wafa, koma imfa yake inali yapang'onopang'ono.

Kope langa lokongola linayamba kuipa. Mutu wa magazi anaudula ndi mzere kuchokera pangodya kufika pangodya, naulembanso pa mapepala amene tinamata pamwamba. M'mbali mwa masamba munadzaza mivi, timawu ta Chitonga, ndi zizindikiro zawo zokumbutsira. Rula anaikana. Pa tsamba la impso panagwera dontho la tiyi. Nthawi yoyamba kuona zimenezi ndinamva ngati andipondera chitenje chatsopano, ndipo ndinawauza. Anandiyankha kuti buku la mayeso si nsalu ya pa tebulo.

Foni yanga ndi yawo tinazigawa ntchito. Ndinawatumizira zithunzi za teremu imene iwo anajomba, mutu umodziumodzi, chilichonse ndi nambala yake, kuti zisadumphane. Masana, apongozi akagona atawatsuka bala, alamu ankasanja n'kulemba. Ine madzulo ndinkafika ndi chakudya, n'kuwafotokozera zimene aphunzitsi ananena pakamwa osalemba pa bolodi. Tinkakangana pafupifupi tsiku lililonse. Iwo ankafuna mafunso a mayeso akale akhale kumayambiriro kwa mutu, kuti munthu aziwerenga akudziwa chimene akusaka. Ine ndinkati kumapeto. Mitu yoyamba ili ndi mafunso kumapeto, yotsala yonse kumayambiriro, ndiye mukudziwa amene anapambana. Magadiyani ena anazolowera kutidutsa, ndipo mayi wina wa ku Chintheche ankatisungira malo pa mkeka wake n'kumati masukulu afika.

Koma mtima wanga sunakhale pansi. Nthawi yonseyi alamu sananene kuti alemba. Ndinkaopa kufunsa. Ndinkaganiza kuti mwina ntchitoyi akuikonda chifukwa ikuwachotsa maganizo pa phazi la amayi awo, basi, ndipo ndikatchula mayeso ndimva yankho lija kachiwiri. Masiku ena apongozi ankadzuka ndi malungo, alamu osagwira kope n'komwe, maso ali ofiira, ndipo ine ndinkabwerera kunyumba ndi mwala pamtima. Ndinkawauza bambo a kunyumba kuti alankhule ndi mlongo wawo; iwo ankati za azimayi awiri ophunzira salowerera. Ndinkawerenga nkhope ya alamu kuposa mmene ndinkawerengera Bayoloje.

Mutu womaliza, wa chibadwa ndi zotengera kwa makolo, unatizunza. Sabata imene unaphunzitsidwa tonse tinali kuchipatala. Pa gulu la kalasi panali zithunzi zochepa, zosaoneka bwino, timabokosi ta zilembo zazikulu ndi zazing'ono tikuoneka ngati mawindo a nyumba yakutali. Ndinayenda kwa bambo wadazi uja, amene ankagulitsa zitsulo pafupi ndi msika, kukabwereka kope lake. Munthu amene dazi lake ndinalitukwana masabata onsewo anali ndi notsi zabwino kuposa tonse, chifukwa ankakhala kutsogolo. Ndinalijambula tsamba ndi tsamba pa kauntala yake, ndikuonetsetsa kuti nambala ya tsamba ikuoneka.

Tsiku loti mawa mayeso, ndinapempha kuchoka msanga ku ofesi. Ndinali ndisanawerenge mitu yomaliza bwinobwino, chifukwa kope linkagona kuchipatala. Ndinaganiza kuti ndikalitenge, ndipo poliitanitsa ndimva zoona: akandipatsa mosavuta, ndiye kuti salemba.

Ndinawapeza pakhonde la wodi, kope lili pamiyendo, litafufuma ndi mapepala omata moti silinkatsekeka. Ankalemba manambala a masamba kutsogolo kuja ndinasiya kopanda kanthu. Ndinalowa kukaona apongozi. Pambali pa bedi panali mayi wachikulire amene sindinamuyembekezere, mng'ono wawo wa apongozi, wokhala kutali kumapiri, ndi kachikwama kake. Tinapatsana moni. Ndinatuluka ndi kachiyembekezo, koma sindinafune kudzinamiza. Abale amabwera kudzazonda odwala tsiku lililonse.

"Alamu," ndinatero, "ndabwera kudzatenga kope. Ndikufuna ndione za chibadwa zija madzulo ano."

Anamaliza nambala imene ankalemba, natseka cholembera.

"Kope liti?"

"Limenelo."

"Ili? Ayi. Inu muli ndi zithunzi mu foni. Muli ndi jumbo lanu. Kawerengeni m'menemo."

"Kope ndinagula ndine."

"Munagula chikuto. Zam'katimu theka ndi zanga, ndipo theka lanulo ndinachita kulidzutsa kwa akufa."

Analikumbatira pachifuwa ndi manja onse awiri, ngati ndilanda. Ndinaima pamenepo ndi jumbo la mapepala otsala, munthu woti mawa ndili ndi mayeso ndipo buku landikanira, ndipo m'maso mwanga munadzaza misozi. Ndinayang'ana kumbali kuti asaone.

"Anti aja abwera liti?" ndinafunsa.

"Ndinawaimbira sabata yatha. Ndinawauza kuti adzakhale ndi ama mpaka ndimalize mapepala onse awiri." Anatsegulanso kope, nayamba kufunafuna tsamba. "Mawa mundidzere m'mamawa. Ndipo mubwere ndi pensulo yapadera, yanga yatha ndi mabokosi a chibadwa aja."

Ndinati chabwino. Ndinatsika masitepe, n'kukakhala pa mwala kuseri kwa khitchini ya magadiyani. Kenako ndinamasula jumbo, ndinatulutsa foni, n'kuyamba kuwerenga.